Sabata ya maganyu ambiri idyetse sabata yopanda ganyu

Wowerenga wina watilembera motere: "Ine ndimadalira maganyu. Sabata ina ndimapeza ndalama zambiri ndithu, ina ndimangokhala manja lende. Ndayesapo kusunga gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe ndapeza, koma zikavuta ndalamazo sizifika patali, ndimakakongolabe. Kodi ndikulakwitsa pati, nanga ndizisunga zingati?"

Achimwene, vuto si inu ayi, vuto ndi njirayo. Kusunga gawo limodzi mwa magawo khumi ndi malangizo a munthu wolandira malipiro ofanana mwezi ndi mwezi. Iye amadziwiratu zomwe zikubwera, ndiye amangodula kachidutswa n'kuika pambali. Inu funso lanu lisakhale lakuti "ndisunge zingati?" Likhale lakuti "nditenge zingati?" Ndalama iliyonse ya ganyu izilowa kaye m'thumba limodzi, ndipo inu muzidzilipira kuchokera m'thumbamo ndalama yofanana sabata iliyonse, kaya sabatayo inali yabwino kaya yoipa. Zili ngati thanki ya madzi: mvula igwe yambiri kapena pang'ono, mpopi umatulutsa madzi pa mlingo womwe mwautsegulira.

Ntchito yaikulu ili pa kupeza malipiro a sabatawo, choncho tikhalitsapo pamenepa.

Pakufunika manambala awiri. Yoyamba ndi ya zomwe mumapeza, ndipo imeneyi musaitenge m'mutu. Mutu umakumbukira masabata okoma n'kuiwala ouma, moti pafupifupi aliyense akamangoyerekeza amadziwerengera zochuluka. Tengani kope, muzilemba madzulo aliwonse ndalama yomwe yalowadi m'manja, kwa masabata asanu ndi atatu. Muzichotseratu zomwe ganyuyo wadya: ulendo wopita ndi kubwera, mayunitsi oimbira bwana wa ganyu, kunola kapena kubwereka chida. Ganyu wolipira 50 amene wakudyerani 12 pa ulendo ndi ganyu wa 38. Ndalama yomwe akulonjezani kuti "mubwere Lachisanu" isalembedwe mpaka Lachisanulo litafika ndipo mwaigwira.

Nambala yachiwiri ndi ya zomwe pakhomo pamafunika kuti sabata ithe popanda ngongole. Zolipira pamwezi muzigawe m'masabata. Chaka chili ndi miyezi 12 koma masabata 52, ndiye lendi ya 130 pamwezi ndi 1,560 pachaka, kutanthauza 30 pa sabata. Manambala ndikugwiritsa ntchito pano ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu enieni.

Titenge chitsanzo cha munthu amene kope lake likuonetsa kuti m'masabata asanu ndi atatu anapeza 160, 40, 210, 90, 0, 130, 180 ndi 70. Zonse pamodzi ndi 880, ndipo tikazigawa mofanana zikubwera 110 pa sabata. Pakhomo pake chakudya chimadya 40, lendi 30, ndipo sopo, madzi, moto wophikira ndi zina zing'onozing'ono 20. Zonse ndi 90.

Tiyeni tiyambe ndi njira yanu ija. Sabata yoyamba wapeza 160, wasunga 16, ndipo 144 yotsalayo yapita, chifukwa ndalama yokhala m'thumba la thalauza sisowa ntchito. Sabata yachiwiri wapeza 40. Akaphatikiza ndi 16 ija ali ndi 56, pamene pakufunika 90. Wakongola kale, sabata yachiwiri yomweyi, ngakhale kuti masabata awiriwo pamodzi anamupatsa 200, yoposa 180 yomwe pakhomo pamafunika. Ndalama inalipo yokwanira, kungoti inadyedwa pa nthawi yolakwika.

Ena amati ndiye adzilipire 110, popeza ndiyo imene amapeza tikagawa mofanana. Zimamveka zanzeru koma nazo zimagwa msanga. Sabata yoyamba m'thumba mutsala 50. Yachiwiri mulowa 40 kukhala 90, ndipo 110 sikwana. Chifukwa chake n'chakuti nambala yogawa mofananayo imakokedwera m'mwamba ndi masabata awiri atatu onona, pamene masabata oipa safika mwadongosolo. Amatha kubwera oyambirira, kapena awiri motsatizana.

Tsopano adzilipire 90. Sabata yoyamba m'thumba mutsala 70. Yachiwiri mulowa 40, atenga 90, mutsala 20. Yachitatu mulowa 210, mutsala 140. Yachinayi wapeza 90 n'kutenga 90 yomweyo, thumba silinasunthe. Yachisanu sanapeze kalikonse, koma pakhomo padyedwa monga mwa masiku onse, lendi yaikidwa pambali, ndipo mutsala 50. Kenako thumba likwera kufika 90, kenako 180, ndipo sabata yomaliza litsika pang'ono kufika 160. Masabata onse asanu ndi atatu adutsa popanda kugogoda pakhomo pa munthu.

Taonani bwino sabata yachitatu ija. Pa 210 munthuyu watenga 90 yokha, ndipo 120 yakhalira m'thumba, kuposa theka la zomwe wapeza. Apa ndi pomwe pamalimba. Thupi latopa, ndalama ili m'manja, mtima ukuti sabata ino ndagwira ntchito, ndidzipepese. Koma 120 imeneyo si phindu. Mbali yaikulu ndi malipiro a sabata yachisanu amene angofika msanga. Ine ndimaona kuti ndi bwino kulola kachisangalalo kakang'ono kodziwikiratu, mwachitsanzo 10 pa sabata iliyonse yomwe mwapeza kuwirikiza kawiri malipiro anu, kusiyana n'kudzimana kotheratu kenako tsiku lina n'kuphwasula thumba lonse. Chofunika n'chakuti mlingowo muuike lero, ndalama isanafike.

Mwafunsa kuti muzisunga zingati. Yankho lili m'kope lomwelo, komanso m'zomwe mukukumbukira za chaka chathachi. Ndi masabata angati otsatizana amene munakhalapo opanda ganyu wooneka? Ngati ndi atatu, thumba lanu lifike pa malipiro a masabata atatu, ndipo muonjezepo sabata imodzi yodzitetezera. Kwa munthu wathu uja ndi 90 kuchulukitsa kanayi, 360. Thumba lisanafike pamenepo, malipiro asakwere ngakhale maganyu atachuluka motani. Likafika n'kukhala pamenepo mwezi wathunthu, zopitirira mukhoza kugulira chida chabwino, kubweza ngongole yakale, kapena kukweza malipiro pang'ono, monga kuchoka pa 90 kufika 95. Kukweza n'kosavuta, kutsitsa kumawawa banja lonse, ndiye muzikwera mwapang'onopang'ono.

Mukhalenso ndi mlingo wachiwiri wa malipiro, wa nthawi yothina. Pa 90 ija muli zina zomwe zikhoza kudikira, ndipo mukazichotsa mwina patsala 75. Thumba likakula kenako n'kuyamba kutsika mpaka kuchepera malipiro a masabata awiri, ndipo palibe ganyu amene mwapangana kale, tsikirani pa 75 nthawi yomweyo. Ambiri amadikira mpaka thumba liume ndiye n'kuyamba kudzimana, koma pamenepo palibenso chopulumutsa. Kutsika msanga kumasiya 15 sabata iliyonse, ndipo pa masabata asanu imeneyo ndi sabata ina yathunthu ya chakudya ndi lendi.

Za kosungira, mfundo ndi yakuti ndalama ikhale yoti mukhoza kuipeza tsiku lomwelo, koma isakhale yoti mukuyenda nayo. Akaunti ya pafoni kapena ya kubanki yosiyana ndi yomwe mumagulira zinthu imathandiza, bola mufunse kaye zomwe amadula potapa ndi zomwe amadula pamwezi. Kutapa kamodzi pa sabata, tsiku lodziwika, nthawi zambiri kumadya zochepa kusiyana n'kutapa pang'onopang'ono tsiku lililonse, komanso kumakuthandizani kusunga lamulo. Mukasunga m'nyumba, lendi ikhale mu envulopu yakeyake. Gulu losonkherana ndalama ndi labwino pa zolinga zina, koma si malo a thumba ili: limafuna kuti muzipereka pa tsiku lake ngakhale sabata yauma, ndipo ndalama imatuluka pa nthawi ya gulu, osati pa nthawi ya njala yanu. Ngati muli m'gulu lotere, chopereka chanu chiwerengedwe limodzi ndi zofunika za sabata, monga lendi.

Pali zinthu zingapo zomwe zimaboola thumba mwakachetechete. Choyamba ndi ndalama yolandiriratu. Bwana akakupatsani theka ntchito isanayambe, kapena ndalama yogulira zipangizo, imeneyo sinakhale yanu. Ya zipangizo isalowe n'komwe m'thumba, ndipo yolandiriratuyo muilembe pa sabata yomwe mudzagwire ntchitoyo. Mukailemba lero, kope lionetsa sabata yabwino yabodza, kenako mudzagwira masiku anayi osalandira kanthu. China ndi matenda, maliro ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Thumba ili ndi la masabata opanda ganyu, omwe ndi odziwikiratu kuti abwera. Likamalipiranso chipatala, lidzapezeka lopanda kanthu pa nthawi yake. Yambani kathumba kena, ngakhale ka 5 pa sabata yabwino iliyonse. Achibale opempha nawonso athandizidwe kuchokera pa malipiro anu a sabata kapena pa mlingo womwe mwagwirizana ndi akunyumba, osati m'thumba. Ndipo akunyumbawo adziwe dongosolo lonse, chifukwa akaona 210 yalowa koma patebulo pafika 90 popanda kufotokoza, pabuka mkangano ndipo thumba lidzatsegulidwa kuti mtendere ubwerere.

Ngati maganyu anu amayendera nyengo, miyezi ina yochuluka ina yosowa, masabata asanu ndi atatu sakukwanira kukuuzani zoona. Kope lolembedwa nyengo yabwino lidzakupatsani malipiro okwera kwambiri. Zikatero werengani masabata a nyengo yosowa, muone kuti sabata iliyonse pamaperewera zingati, muchulukitse. Masabata khumi operewera 40 ndi 400, ndipo ngati nyengo yabwino ili ndi masabata makumi awiri, ndiye kuti sabata iliyonse pazitsala 20 yoonjezera pamwamba pa thumba la masiku onse.

Poyambira pabwino ndi sabata yabwino yotsatira. Musayambe sabata youma, mudzangokhumudwa. Ngati muli ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, zotsala za sabata yabwino muzizigawa pawiri, theka kungongole theka kuthumba, mpaka thumba lifike malipiro a sabata imodzi. Mukaponya zonse kungongole, sabata youma ikangofika mubwereranso kwa wokongoza yemweyo.

Kope likhozanso kukuuzani nkhani yowawa. Ngati mwagawa mofanana n'kupeza 80 pamene pakhomo pakufunika 90, palibe kasungidwe komwe kangatseke mpata wa 10 umenewo, ndipo thumba lizingotsika ngakhale mutadziletsa motani. Pamenepo yang'anani m'kope kuti ndi maganyu ati amene amakusiyirani zambiri mukachotsa ulendo, ndi mabwana ati amene amachedwetsa malipiro, ndiponso ndi masiku ati a sabata amene amangopita opanda ntchito. Masiku opanda ntchitowo ndiwo oyamba kuwafunira ganyu wokhazikika, ngakhale wolipira pang'ono, chifukwa 25 yodziwika sabata iliyonse imatseka mpata uja komanso imachepetsa kukula kwa thumba lomwe mukufunika kumanga.